Bokosi la unzika pa fomu ya viza

Mwana wanga wamkazi, namwino kutsidya la nyanja, anali woyembekezera koyamba ndipo anandiitana kuti ndikakhale naye pochira. Ananditumizira fomu ya viza, ndinakaisindikiza pa Bangula.

Ine mapepala sinditaya. Chikalata cha ubatizo, makalata a ntchito yanga ya uphunzitsi, ngakhale chiphaso cha malemu bambo anga ondibala, zonse zili m'chikwama chimodzi. Ndiye ndinalemba fomuyo ndi pensulo mosaopa. Wosindikiza uja anasuzumira naona kuti pa dziko lobadwira ndalemba Mozambiki.

"Amayi, ingolembani Malawi. Adziwa ndani?"

Ndinamuyang'ana mpaka anagwetsa nkhope. Munthu wa imvi ngati ine ndikaname pa pepala la boma! Mayi anga anakachirira kwawo kutsidya kwa Shire, nabwera nane kuno ndili khanda. Pasipoti yanga imanenanso zomwezo.

Ndinajambula masamba onse pa foni n'kutumizira mwana wamkazi wa mchimwene wanga, amene amakonzera anthu maulendo ku Blantyre. Anandiimbira masana omwewo akuseka.

"Azakhali, pa unzika mwalembapo chiyani?"

"Msena. Nanga ndine ndani?"

"Sakufunsa mtundu wanu! Akufunsa dziko limene linakupatsani pasipoti. Fufutani, mulembe Malawi."

Ndinapsa mtima, makamaka chifukwa ananena zoona. Kenaka tinayenda bokosi ndi bokosi. Dzina lilembedwe monga lilili m'pasipoti, osati monga ansembe analilembera m'Chipwitikizi. Dzina la kwa bambo lili ndi bokosi lakelake, poti ndinakwatiwa. Tsiku lobadwa, nambala ya pasipoti ndi tsiku lothera ntchito ndikopere osasintha kanthu. Masiku a ulendo agwirizane ndi kalata yondiitana.

Titafika pa bokosi lofunsa unzika umene ndinabadwa nawo, analeka nthabwala.

"Apa sindikuyankhirani, azakhali. Munabadwira kutsidya, agogo aamuna anali akuno. Ndikalota n'kulakwa, akhoza kukukanani, mwana n'kubadwa inu muli ku Nsanje. Pitani kwa a imigireshoni ndi mapepala anu. Musasaine musanamve kwa iwo."

Ndinakwera minibasi ndi chikwama changa. Mkulu wa mu ofesiyo anawerenga chiphaso cha bambo, chikalata cha ubatizo ndi pasipoti, nayang'ananso m'kompyuta mwake. Anati unzika wanga ndinautengera kwa bambo kuyambira tsiku lobadwa, choncho ndilembe Malawi, koma dziko lobadwira likhale Mozambiki. Chiphaso cha bambo anachigwira ndi manja awiri pondibwezera.

Ndinalemba ndi bolopeni, ndinasaina, n'kukapereka ndekha ku Lilongwe kumene anatenganso zidindo za zala. Mwana wa mchimwene wanga uja sindinamuthokoze mokwanira, pakuti ndinali ndikadali ndi manyazi ndi kuseka kwake. Ndikumuthokoza pano.

Viza inatuluka nthawi ikadalipo. Mdzukulu wanga ndinamusambitsa ndine koyamba, madzi ake ndikuyesa ndi chigongono.