Mapu a Mitengo Amene Ndinachotsa Mitundu

Ntchito ya mu ofesi ya kompuleksi ina, mpanda wa nyumba zambiri ku Randburg, anandipezera ndi amalume. Iwo anali atasamalira maluwa ndi mitengo ya pamenepo kuyambira ine ndili kusukulu kumudzi, ndipo ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa magalaja. Atamva kuti komiti ya eni nyumba ikufuna munthu wodziwa kompyuta, anapita kwa madamu amene anali wapampando wa komitiyo nkuwauza kuti mwana wa mlongo wawo ndi wophunzira kwambiri. Kuphunzira kwake kunali Fomu Folo ndi kakosi ka kompyuta ka miyezi yochepa, koma ine sindinawatsutse.

Mu ofesimo munali pulinta ya inki, ya timabotolo tinayi, kamodzi kakuda ndi titatu ta mitundu. Chinthu chimenecho chinkamwa inki ngati chidakwa cha pa mapeto a mwezi. Madamu akabwera Lolemba, moni wawo unali wofunsa kuti inki yathanso bwanji. Ine ndimapsa mtima msanga, ndipo funsolo linkandibaya, chifukwa linkamveka ngati akunena kuti ndimasindikiza zanga mobisa.

Choncho ndinadziphunzitsa njira. Fayilo ya PDF ikabwera pa imelo, ndinkaitsegula, nkupita posindikiza, nkusankha pamene palembedwa kuti grayscale, kenaka m'malo motumiza ku pulinta ndinkaisunga ngati PDF ina yatsopano. Yatsopanoyo inkatuluka yopanda mtundu uliwonse, kungokhala zakuda, zoyera ndi zotuwa. Imeneyo ndi imene ndinkaika m'foda ya aliyense, kuti ngakhale alonda akabwera kudzasindikiza ine kulibe, asakhale ndi chofiira choti awonongere inki. Pa pulintapo ndinasankhanso kuti izigwiritsa inki yakuda yokha, poti ndinazindikira kuti ukaisiya, imasakaniza mitundu ija kuti ipange chotuwa. Timabotolo ta mitundu tinayamba kukhalitsa. Madamu anandiyamikira pa msonkhano wa komiti, ndipo ndinayamba kuyenda mothimbwidzika. Ndinafika pomatembenuza fayilo iliyonse ndisanaiwerenge nkomwe, dzanja likungochita lokha.

Chimene sindinkachiganizira ndi chakuti kompyuta ikamachotsa mitundu, imangosunga kuwala kapena kuderapo kwa chinthu. Chachikasu chimasanduka chotuwa chombuwirira, chabuluu chimada. Koma chofiira ndi chobiriwira chodera, kuwala kwake nkofanana, ndiye zikatembenuzidwa zimatuluka ngati ana a mimba imodzi.

Nyengo yozizira itayandikira kutha, madamu anatumiza imelo ya mawu ochepa, yonena kuti mapu a mitengo yoyenera kuchotsedwa ali m'fayilomo, ndiwapatse amalume ayambepo. Madamuwo ankapita kukacheza kwa ana awo kunyanja. Ndinatsegula, ndinatembenuza, ndinasindikiza. Panatuluka mapu a kompuleksi yonse, nyumba ndi tinjira, ndipo mitengo ina inali itazungulizidwa ndi mzere wotuwa. Pansi penipeni panali timabokosi tiwiri ndi timawu tating'ono ta Chingerezi, koma maso anga sanafikeko.

Amalume analandira pepalalo ndi manja awiri, monga ankachitira ndi chilichonse chochokera kwa abwana. Anagwirapo ntchito ku mgodi ali mnyamata, ndipo anachokako ndi chikhulupiriro chakuti pepala la bwana silitsutsidwa. Anachoka nalo, koma pasanapite nthawi ndinawaona ataima pa windo la ofesi, chipewa chili m'manja.

"Iwe mwana, tandionera bwino apa," anatero. "Mandimu a kwa gogo a pa kona aja nawonso awazunguliza. Akuti tidule ndi amenewo?"

Gogo ameneyo anali mzungu wamasiye wokalamba, ndipo mtengowo anaubzala ndi malemu amuna ake. Aliyense pa kompuleksi ankadziwa, ine ndemwe. Koma tsikulo foni inkangolira, geti yamagetsi inali itafa, ndipo pulambala, wokonza mapaipi, ankandidikira pakhomo.

"Eish, amalume, zalembedwa pa pepalapo," ndinayankha osadzuka pa mpando. "Zonse zozungulizidwazo nzochotsa. Madamu anena okha."

"Ukubereka bwinobwino mtengo uja."

"Mwina mizu ikuwononga mapaipi. Kodi mukufuna ndiwaimbire ku holide kuti amalume akukana?"

Anandiyang'ana pang'ono, nkuti, "Sharp, wophunzira ndiwe." Anapinda pepala lija nkuliika m'thumba la ovololo. Fayilo yeniyeni ya mitundu inali pomwepo mu imelo, ndipo kuitsegula sikukanatenga nthawi yoposa kumwa madzi. Amati safunsa anadya phula, koma amalume anafunsa, ndipo phulalo ndinawadyetsa ndine.

Sabata imeneyo sowo ndi nkhwangwa zinalira. Gogo uja anali kuchipatala, choncho panalibe wokuwa. Mandimu anagwa, pamodzi ndi timitengo tina ta maluwa ta m'mbali mwa dziwe losambira. Amalume anatola zipatso zonse nkuziika m'chidebe pakhomo la gogoyo.

Madamu atabwerako anatiitana tonse pa chitsa pomwepo, alonda ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba akuonerera chapatali. Nkhope ya madamuwo inali itafiira. Anatulutsa foni, nkutsegula mapu aja monga anawatumizira, ndipo ine ndinasuzumira. Mizere ina inali yofiira, ina yobiriwira. Timabokosi tija timafotokoza kuti chofiira ndi chodula, chobiriwira ndi chothira manyowa. Mandimu anali mu mzere wobiriwira.

Madamu anali ndi msinkhu ngati wa mwana woyamba wa amalume. Anawaika foni pafupi ndi mphuno, nkuloza ndi chala, nkufunsa m'Chingerezi chapang'onopang'ono kuti uwu ndi mtundu wanji.

"Red, madam," anayankha amalume.

Chala chinasuntha. Nanga uwu?

"Green, madam."

Anawafunsanso kachiwiri, pa mtengo wina, ngati mwana wa ku mkaka. Munthu wa imvi, mkulu wa mpingo wathu wa ku Zandspruit, amene maukwati a anthu amakonzedwa ndi mawu ake, ataima chipewa pachifuwa nkumatchula mitundu. Mlonda wina anayang'ana kumbali. Ine manyazi anandigwira. Ndinkaona ngodya ya pepala lija ikusuzumira m'thumba la ovololo, ndipo ndinkayembekeza kuti dzanja lawo lipita pamenepo. Silinapite.

Ndinatsegula pakamwa nkuyamba kuti, "Madam, the paper..."

"Khala chete, iwe," anatero amalume m'Chichewa, motsitsa mawu, osandiyang'ana. "Akulu akuyankhula."

Ndipo ndinakhaladi chete. Ndinganame kuti kunali kumvera malume, koma mbali ina ya mtima wanga inapuma nditaletsedwa, ndipo chimenecho ndi chimene chinandinyansa kwambiri. Madamu anamaliza ndi kunena kuti mwina ntchito yawakulira amalume, ndipo komiti ikambirana. Tonse tinamva tanthauzo lake. Ntchito ikatha, kachipinda ka kuseri kwa magalaja kathanso, ndipo munthu wa zaka zawo sangayambenso kuima pa mphambano kudikira galimoto za ofuna aganyu.

M'mawa mwake sindinapemphe chilolezo kwa aliyense. Ndinasindikizanso mapu otuwa aja, ndinasindikiza ndi a mitundu, inki ithe ithe, nkuwaika pamodzi pa tebulo madamu atalowa. Ndinafotokoza zonse, mpaka za pa windo zija. Anawayang'ana nthawi yaitali, akuyesa kusiyanitsa mizere yotuwayo, nkulephera. Kenaka anapumira m'mwamba nkunena kuti kuyambira lero chilichonse chokhala ndi mapu kapena zizindikiro chizisindikizidwa ndi mitundu yake. Ine sanandikalipire kwenikweni. Anati ndinkafuna kuthandiza.

Ndinafunsa za amalume. Anayankha kuti wosamalira mitengo wa zaka zambiri chotero anayenera kudziwa yekha kuti mtengo wobereka sadula, pepala linene zotani. Komiti inali itagwirizana kale pa foni kuti mitengo ndi maluwa azisamalira a kampani, obwera ndi galimoto kamodzi pa sabata. Chimene mawu anga anapulumutsa ndi kachipinda kokha. Amalume anatsala ndi tsache ndi mabini a zinyalala. Madzi akatayika saoleka.

Gogo uja atatuluka m'chipatala, amalume anapita okha kukapepesa. Ine ndinaima kuseri kwa mpanda wa maluwa ngati wakuba, nkumamva akunena kuti analakwitsa kuwerenga. Gogoyo sanakuwe. Anangofunsa ngati chitsacho chingaphukenso, ndipo amalume anati chingathe, koma mphukira zotuluka m'munsi mwa pamene mtengowo unalumikizidwa ndi wina sizibereka mandimu ngati aja. Gogoyo anati ndiye achizule, sakufuna kumachiona.

Loweruka ndinawapeza akukumba mozungulira chitsacho, thukuta lili kamukamu. Ndinali nditavala nsapato za mu ofesi, koma ndinatola fosholo nkuyamba kuchotsa dothi. Tinagwira ntchito mpaka mizu ikuluikulu inaonekera. Pamenepo mkwiyo wanga, umene unalibe kolowera, unatulukira kwa iwo.

"Amalume, pepala munali nalo m'thumba. Bwanji simunalitulutse? Mukanangowaonetsa basi!"

Anatsamira chikumbiro, akupuma mwamphamvu.

"Ndiye akanayang'ana ndani?"

"Ine. Wolakwa ndinali ine."

"Pa maso pa alonda ndi amayi onse aja? Mawa lake nkhani ili ku tchalitchi, mkuja ili kumudzi." Anapukuta nkhope ndi mkono wa ovololo. "Ine ndakalamba, anthu akati maso afooka palibe amene adabwe. Iwe ukadali ndi ulendo."

"Koma ndawauza kale madamu."

"Ndamva. Wachita bwino, koma m'chipinda chotseka. Ndi mmene ndinkafunira."

Misozi inayamba kutsika, ndipo ndinapsa mtima kuti ikutsika. Amalume anachita ngati sakuiona. Anagwada, nkulowetsa dzanja pansi pa muzu waukulu kuchotsa miyala, kenaka anandipatsa nkhwangwa.

"Tema apa," anatero. "Koma uyambe wayang'ana kaye. Dzanja langa lili pansipo."