Mwezi Umene Flora Sanauwerengere

Amalawi a ku South Bend ankamuseka Flora Kamtedza kuti anameza kalendala, ndipo mwini wake ankanyadira. Mayi wa ku Ntaja ameneyu masamu anali ake chiyambire ku pulayimale. Ali ku Indianapolis, kunyumba yosamalira okalamba kumene anayambira ntchito, anaphunzira ngakhale kawerengedwe ka zaka ka achipembedzo cha Abuda kwa gogo wina wa ku Thailand, amene mapepala ake ankati anabadwa mu 2490. Flora anangochotsapo 543, n'kupeza 1947, nkhani n'kutha. Kuyambira pamenepo ankakhulupirira kuti kalendala iliyonse ndi nkhani yochotsera basi.

Mu 2014 anasamukira ku South Bend kukasamalira Bambo Halpern, Myuda wokalamba amene maso anali atachita khungu ndipo mutu unali utayamba kutaya zinthu. Flora ankagona momwemo. Dziko lake linali khitchini, chipinda cha mkuluyo ndi zenera loyang'ana kumsewu kumene mabasi ankadutsa osamutenga. Lamlungu lokha ndiye ankatuluka, maola anayi.

Mkuluyo anali ndi nkhawa imodzi, tsiku lokumbukira akazi ake, Mayi Dina. Iwo anamwalira pa 20 mwezi wa Av, chaka cha 5771 pa kawerengedwe ka Chiyuda. Mutu ukadagwirako bwino, mkuluyo anamuphunzitsa Flora kuti achotse 3760 apeze 2011, koma likakhala tsiku la pakati pa chaka chawo chatsopano, chimene chimayamba cha mu Seputembala, ndi kutha kwa Disembala, azichotsa 3761. Anamuuzanso kuti tsiku lawo limayamba dzuwa likalowa, choncho kandulo amayatsa madzulo, kumanda n'kupita mawa lake.

"Ndikadzaiwala, inu musadzaiwale," anatero atamugwira dzanja. "Mudzanditengere kwa Dina tsiku lake lenileni."

Flora analonjeza. Mu 2014 tsikulo linagwa pa 16 Ogasiti, ndipo mu 2015 linagwa pa 5 Ogasiti. Apa katswiri wathu anamwetulira, poti zimenezi ankazidziwa kuyambira ali mwana. Anzake achisilamu a ku Ntaja ankayamba kusala kudya mofulumirako ndi masiku khumi kapena khumi ndi limodzi chaka chilichonse. Kalendala yoyendera mwezi imabwerera m'mbuyo, anatero mumtima, ndiye kuti mu 2016 chikumbutso chidzakhala cha pa 25 Julaye. Safunsa anadya phula. Flora sanafunse munthu.

Chaka chimenecho Ogasiti ankamufuna kwambiri. Amayi ake anamwalira pa 23 Ogasiti 2013, iye mapepala oyendera asanalongosoke, ndipo maliro anawalira pafoni. Tsopano abale anagwirizana zovundukula chiliza pa tsiku lomwelo, patatha zaka zitatu. Mchimwene wake Alufeyo anamufunsa kawiri konse ngati adzabweredi.

"Achimwene, ndabukitsa kale tikiti," anayankha Flora. "Zakunozi ndidzakhala nditamaliza mu Julaye. Konfemani kwa abusa."

Kumayambiriro kwa Julaye kunabwera kakhadi kochokera ku sunagoge, kokumbutsa za tsikulo. Makalata a m'nyumbamo ankatsegula ndi Flora. Anawerenga, anapukuta magalasi, anawerenganso. Kandulo: Lachiwiri madzulo, 23 Ogasiti. Tsiku lachikumbutso: Lachitatu, 24 Ogasiti. Anaimba foni ku sunagogeko mwaulemu wa munthu amene akukonza cholakwa cha ena.

Mayi wa mu ofesimo anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anamufotokozera modekha. Kalendala ya Asilamu imabwereradi m'mbuyo osaima, koma ya Ayuda siilola kuti zikondwerero zichoke m'nyengo zake. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zilizonse, zaka zisanu ndi ziwiri zimakhala ndi miyezi khumi ndi itatu, mwezi wa Adar n'kubwera kawiri. Chaka cha 5776 chinali chimodzi mwa izo. Flora anali atachotsa bwino masiku khumi ndi limodzi aja, koma anayenera kuwonjezeranso makumi atatu.

Anakhala pampando wa m'khitchini. Anachita manyazi, kenako mantha. Pa masiku onse a chaka, awiriwo anakumana ngati anapangana.

Anaimbira mwana wa mkuluyo, amene ankakhala ku Indianapolis ndipo za chipembedzo anazisiya kalekale. Iye anali atapeza kale malo osungirako bambo ake milungu iwiri ya ulendo wa Flora, ndipo sanaone vuto.

"Yatsani kanduloyo mu Julaye momwemo," anatero. "Muwauze kuti ndi 20 Av. Adziwa bwanji?"

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka Flora. Khomo linali lotsegula. Mkuluyo sankaona kalendala, ndipo m'mawa uliwonse ankafunsa Flora yemweyo kuti lero ndi liti, n'kukhulupirira chilichonse chimene wauzidwa. Madzulo a pa 24 Julaye Flora anatulutsa kandulo ija ya m'kagalasi, naiika patebulo, machesi ali m'manja.

"Kodi lafika?" anafunsa Bambo Halpern atamva kugunda kwa galasi. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana amene wamva kuti kwabwera alendo.

Flora anatsegula pakamwa, koma bodza linakana kutuluka. Akanakhala munthu wopenya akanamunamiza mwina. Anabweza kandulo mukabati.

"Ayi, bambo. Kwatsala mwezi. Chaka chino Adar anabwera kawiri."

Anawauza zonse, za amayi ake ndi za chiliza. Mkuluyo anamva chisoni, nati apite, akufa sathamangira kulikonse. Flora anagona mtima uli m'malo. Kutacha, akuwapatsa phala, mkuluyo anamugwira dzanja monga kale.

"Mudzanditengera kwa Dina tsiku lake lenileni, eti?"

Chilolezo cha dzulo chinali chitafufutika, lonjezo lokha ndi limene linatsala. Anafunsanso mawa lake, ndi mkuja. Flora anayesa kupempha Alufeyo kuti asunthe tsiku, koma abale a ku Joni anali atatenga kale tchuthi.

"Maliro simunabwere, tinakumvetsani," anatero Alufeyo. "Lero mukukanselanso chifukwa cha manda a eni ake? Anthu ndiwauza chiyani, achemwali?"

Tikiti ija Flora anaibweza.

Pa 23 Ogasiti zithunzi zinayamba kulowa mufoni m'mamawa, poti ku Ntaja kunali kutacha kale. Anaona nsalu yoyera ikuchotsedwa, dzina la amayi ake lili pamwala, ndi lake lomwe m'munsi mwa mayina a ana. Analira akuchapa zofunda. Dzuwa litalowa anayatsa kandulo.

Mawa lake anakankha mkuluyo panjinga ya olumala pakati pa manda mpaka pa mwala wa Mayi Dina. Anatola timiyala tiwiri, poti Ayuda amasiya kamwala pamanda osati maluwa, nawapatsa kamodzi. Bambo Halpern anapapasa zilembo nthawi yaitali, kenako anatembenuka.

"Flora, amenewa ndi manda a amayi anu aja?"

"Ayi, bambo. Ndi a Mayi Dina, akazi anu. Lero ndi 20 Av."

"Dina," anatero mkuluyo pang'onopang'ono, ngati akulawa dzinalo. Anaika kamwala kaja, ndipo pemphero la Chiheberi linayamba kutuluka lokha, lonse, osaphonya.

Flora anaima kumbuyo kwawo atagwira njinga kuti isatsetsereke. Kamwala kachiwiri anakaika m'thumba la yunifolomu. Kakadali momwemo, ndipo amakatulutsa pochapa pokha.