Mpata wa Mpando Wothyoka

Achemwali anga anasiya kuona ali aang'ono, chifukwa cha chikuku. Koma kanema ankamukonda koopsa. Galimoto ya kanema ikafika kwathu ku Chipoka, oyamba kundikoka dzanja anali iwo. Ntchito yanga inali kuwanong'oneza zimene zikuchitika, ndipo inkandikanika. Ndikati ndiyambe kufotokoza, anthu a m'kanema nawo ayamba kulankhula, achemwali n'kundigunda ndi chigongono kuti ndikhale chete. Anthu akaseka, andigundanso kuti ndinene chachitika. Pofika poti ndamaliza, anzathu anali atapukuta kale misozi. Achemwali ankaseka okha, mochedwa, kenaka n'kuzyolika ndi manyazi. Zinkandipweteka.

Nditakhala mphunzitsi, mayi wina wa ku mishoni anabwera ndi nzeru imene anaimva kunja. Anati anthu osaona akhoza kutsatira kanema limodzi ndi anzawo, bola wina alemberetu mawu ofotokoza zimene zikuoneka, n'kumawawerenga pa maikolofoni m'mipata imene a m'kanemawo ali chete. Anabwereka kanema wa Chichewa wophunzitsa ulimi wa thonje, naitana alimi osaona a cha ku Chitala ndi osaona ena a kufupi kuno. Olemba mawuwo ndinali ine. Ndinavomera asanamalize n'komwe kundipempha.

Ndinkayesa ntchito yophweka, ine mphunzitsi wathunthu. Kalanga ine! Tinkatchinga mazenera a kalasi ndi masaka, bambo woyendetsa makina n'kubweza filimu mobwerezabwereza mpaka kuyamba kung'ung'udza. Ine maso pa wotchi, kuyeza mpata uliwonse. Mzere uliwonse ndinkaulembera mawu omaliza a wolankhula, kuti ndidziwe polowera. Mawu anga sankayenera kuponda mawu a m'kanema, ngakhale kuphimba phokoso lofunika monga kugogoda kwa chitseko. Mayi aja anandiletsanso kuwaganizira anthu: osati "wakwiya", koma "waponya khasu pansi". Chichewa chathuchi mawu ake ndi ataliatali ngati ngolo za sitima, ndiye ndinkadula, n'kudulanso, mpaka mzere ukwane.

Woweruza wanga anali achemwali. Ankakhala pa desiki ya ana, mawondo atagunda thabwa, n'kumandidzudzula. "Iwe, mtundu wa malaya ndiutani ine? Ndiuze walowa ndani."

Malo amene ankawakonda m'kanemamo anali mu ofesi ya mlangizi wa ulimi. Mlimi waulesi walowa, mlangizi akuti, "Khalani pansi, bambo." Apo pali kampata kochepa, kokwana mpweya umodzi, kenaka phokoso la kugwa, mlangizi n'kuyamba kupepesa osalekeza mpaka chochitikacho kutha. Ndinalemba kuti: "Akukhala modzikuza. Mwendo wa mpando ukupindika." Ndikangotseka pakamwa, khoo! munthu uja pansi. Tsiku loyamba kuyesa, achemwali anaseka nthawi imodzi ndi bambo wa makina. Nthawi imodzi! Anagwira dzanja langa n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, kodi ndi mmene zimakomera?" Ndinayang'ana kumbali kuti bamboyo asaone misozi yanga.

M'mawa wa tsiku loonetsa munabwera atcheyamani a chipani a dera lathu, kuti aone kaye zimene anthu amve. Masiku amenewo ngakhale kwaya sinkaimba pagulu iwo asanagwedeze mutu. Anamvetsera mpaka tinafika mu ofesi muja. Apo anakweza dzanja, makina n'kuzimitsidwa.

"Aphunzitsi, pakhoma paja pali chiyani?"

Panali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, monga zinalili mu ofesi iliyonse. Ine ndinali nditachizolowera moti sindinachione n'komwe.

"Mpando mwauona, koma mwini dziko simunamuone?"

Ndinati pepani, ndichitchula kanema asanayambe. Anakana, ati chitchulidwe pamene chikuonekera. Ndinati ndingonena mawu awiri, n'kupitiriza za mpando. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Dzina la mtsogoleriyo silinkatchulidwa lokha. Linkayenda ndi maulemu ake onse, mwa ndondomeko yake, ndipo kudumpha umodzi kunali kudziputira tsoka. Ndinayesa kuwawerengera onsewo mothamanga, ndipo anadzaza mpata wonse, osasiya ngakhale potsokomolera.

"Tsono achikulire, anthuwa adziwa bwanji kuti chagwa n'chiyani?"

"Akhunguwa chofunika adziwe mtsogoleri wawo. Za mipando akazimva kunyumba."

Mtima unandiwira, koma ndikanatani? Ndinali ndi ntchito, ndinali ndi ana. Ndinafufuta mzere umene ndinauvutikira, n'kulemba wawowo. Ndinafuna kuti ndiwachenjeze achemwali, koma anafika pa lole imodzi ndi alimi aja, n'kulowetsedwa m'kalasi ine nditakhazikidwa kale kutsogolo pakati pa atcheyamani ndi alendo.

Poyamba zinayenda bwino, ndisaname. Anthu amene sanatsatirepo kanema chibadwire ankayankhira, ena kumudzudzula mlimi waulesi uja ngati mnansi wawo. Ndinkamva mawu a achemwali pakati pawo. Kenaka mlangizi anati, "Khalani pansi, bambo." Ndinakoka mpweya n'kunena kuti, "Pakhoma pali chithunzi cha," n'kuyala maulemu onse aja ndi dzina lomwe. Nditangomaliza, khoo!

Openya onse anauma, chifukwa ndani angaseke dzina lija likadali m'makutu? Osaona anadzidzimuka. Mkulu wina wa ku Chitala anafunsa mokweza, mosaganiza choipa, "Ogo! Chagwa ndi chithunzicho?"

Ndipo achemwali anali akuseka. Mwa osaona onse, iwo okha ndi amene ankadziwa za mwendo wa mpando, ndipo anali atadikira malo amenewa sabata yonse. Anaseka pa nthawi yake yeniyeni, ndi mtima wonse, akuyesa kuti kalasi yonse ikuseka nawo. Kuseka kwawo kunamveka kokha, kenaka kunayamba kuchepa, n'kuzima.

Makina anazimitsidwa. Wina anachotsa saka pazenera. Atcheyamani anaimirira.

"Waseka ndani?"

Ndinadzuka n'kunena kuti akuseka mpando, kuti m'mawa muja atcheyamaniwo anauona okha. Ananditseka pakamwa. "Mpando wautchula ndani muno? Anthu onsewa amva dzina, amva kugwa, amva kuseka. Ndikanene chiyani kwa akuluakulu?" Apo m'pamene ndinazindikira kuti nawonso ali ndi mantha. Anadzitchera okha msampha, ndipo ankafuna munthu woti aponde m'malo mwawo. Anasankha amene sakanatha kuthawa.

Mayi wa ku mishoni anachonderera mpaka atcheyamani anati nkhani ithera pomwepo ngati wolakwayo agwada n'kupepesa pamaso pa anthu. Wolakwa! Mpaka lero ndikalikumbuka liwu limenelo malovu amandiwawa. Achemwali anga, mayi wamkulu wa imvi zake, amene sanalakwirepo ngakhale nkhuku ya munthu.

Achemwali anatuluka pakati pa madesiki akupapasa, nagwada pa simenti. Koma mawu a atcheyamani ankamveka ngati akuchokera ku khoma, ndiye anagwada atayang'ana bolodi, atcheyamaniwo ali kumbali. Anayamba kupepesa bolodilo.

"Akundipatsa mbuyo? Aphunzitsi, atembenuzeni!"

Ndinapita. Ndinagwira mapewa a achemwali anga ndi manja angawa, n'kuwatembenuza pang'onopang'ono, mawondo awo akukhuluzika pa simenti. Anapendekera mutu kwa ine n'kunong'ona.

"Ndawayang'ana tsopano?"

"Eya, achemwali," ndinatero. "Ali patsogolo panu."