Chaka chimene amayi anali namfedwa

Ndinali ndi zaka ngati khumi, mano onse atamera, pamene bambo anga anamwalira. Zinali m'zaka za Chitaganya, kumudzi kwawo kufupi ndi kwa Kabudula. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma izi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo palibe angandiphunzitse.

Amayi anali pachitengwa, kutanthauza kuti anakwatiwa n'kutengedwa kukakhala kwawo kwa mwamuna. Abale a amayi onse anali ku Nsaru. Maliro ataikidwa tinametedwa tonse, ndipo azakhali, alongo awo a bambo, anawamanga amayi kansalu kakuda kumutu n'kuwapatsa malamulo. Asadzole mafuta. Asaseke pagulu. Asatuluke m'mudzi. Mwamuna asamuyang'ane kumaso. Mchere m'ndiwo asathire, ndiye ankathira ndinali ine. Zonsezi mpaka kumeta kwachiwiri, tikakolola, mowa wa maliro ukafululidwa. Khungu la amayi linatuwa ngati phulusa, mapazi anang'ambika.

Tsono mverani. Dzinja la chaka chomwecho a Zefaniya, akulu awo a bambo, nawonso anafedwa mkazi. Anametedwa, inde. Koma mwezi usanathe anali atakwera njinga kupita ku mowa ku Nambuma, tsitsi atadzola, ndipo anthu ankangoti mwamuna sakhalitsa m'maliro, fodya angaonongeke. Aliyense ankadziwanso kuti akudikira kulowa chokolo m'nyumba mwathu. Ankabwera masana kudzayang'ana nkhokwe yathu, amayi atazolika pakhonde.

Kenaka mlongo wanga Esinati, amene anali kubere, anayamba kutsokomola, masaya ndi mapazi n'kutupa. Amayi anapempha kuti apite naye kuchipatala cha amishoni. Azakhali anakana. Anati limeneli ndi tsempho, matenda amene amagwira mwana ngati kholo lagona ndi munthu nthawi yoletsedwa, ndipo mankhwala ake ndi kuulula basi.

Anawakhazika amayi padzuwa pabwalo, mwana ali pamiyendo akupuma ngati kamwana ka nkhuku. Akuluakulu anali pamthunzi. Azakhali anafunsa kuyambira m'mawa mpaka zithunzi zinafupika.

“Tchulani dzina, mlamu. Kodi mukufuna mutiphere mwana ngati mmene mwatithera mlongo wathu?”

Amayi anangoti sadziwa mwamuna aliyense. A Zefaniya anatsokomola n'kunena kuti iwo ndi munthu wachifundo. Mowa ufululidwe msanga, tsitsi limetedwe, iwo alowe m'nyumba, ndipo mwana apita naye okha kuchipatala panjinga. Amayi akakana, ndiye kuti alipo amene akumubisa.

Ine mawu aakuluwa ndinabadwa nawo. Ndinaimirira n'kufunsa kuti nanga a Zefaniyawo, ofedwa anzawo, bwanji sanakhale padzuwa pomwepo kuti atchule kumene imagona njinga yawo. Pofika mawu omaliza ndinali nditagwa kale. Khofi la a Zefaniya linanditseka khutu lakumanzere, ndipo mpaka lero silimva bwino. Palibe anaseka.

Amayi sanandiyang'ane. Koma anthu atabalalika anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kunena motsitsa kuti, “Miyendo uli nayo. Ine ndilibe. Pita ku Nsaru ukawatenge amalume ako.”

Ndinathamanga m'matope, khutu likulira. Amalume, a Yohane, anali munthu wamfupi wosalankhulalankhula. Anangosiya khasu n'kunyamuka. Atafika sanakhale ndi pampando pomwe. Anati mlongo wawo ndi ana ake ndi mbumba yawo, ndipo chokolo sachita kukakamiza, mkazi amafunsidwa. Anawafunsa amayi pamaso pa onse ngati akuwafuna a Zefaniya. Amayi anadzutsa mutu koyamba chiikireni maliro n'kunena kuti ayi.

“Ndiye asudzuleni,” anatero amalume.

Anawasudzula, koma mokwiya. Azakhali anamasula kansalu kaja, nawameta amayi ndi lumo lobuntha mpaka magazi, n'kunena kuti ukwati watha, zikadzawavuta asadzabwerere. Nkhokwe, mbuzi ndi fodya amene amayi analima ndi manja awo zinatsala, poti munda unali wa eni mudzi. Tinatuluka ndi mphasa ndi miphika iwiri. Kuchipatala tinafika, koma mochedwa. Esinati tinakamuika ku Nsaru.

Musandiuze kuti mwamuna naye amavutika. Ndikudziwa, mkamwini akafedwa amasudzulidwa, nabwerera kwawo ndi khasu, ana n'kuwasiya. Koma amabwerera atasamba, ndipo palibe amamufunsa kuti wapha ndani.

Mkazi wanga atamwalira, ine nditakalamba kale, tsitsi lisanamere n'komwe abale anabwera kudzandifunsa kuti, kodi andiphikira ndani, asakandifunire wina? Ankandimvera chisoni, eti. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mwambo uja mwamuna umamufunsa kuti adya chiyani, pamene mkazi umamufunsa kuti walakwa chiyani. Ndinawathamangitsa pakhomo, ndipo mawu anga anamveka mpaka kudambo.