Chitini cha a Chiwindi

A Chiwindi, odula nyama pabuchala yapafupi ndi siteji ya basi, sadziwa kukhala pansi. Makasitomala akatha amanola mpeni wonolanola kale, kapena kukapukuta sikelo yoyera mbee. Chinthu chilichonse amachiyesa pokweza m'manja. Cholemera ndiye chabwino, basi.

Mwana wawo wamkazi atamaliza maphunziro a unamwino, anawaitanira ku mwambo wolandira satifiketi. Kenaka anawonjezera, maso ali pansi: "Koma bambo, kafungo kakuntchito kaja kadzatsale kunyumba."

Mawuwo anawalowa a Chiwindi. Anasamba ndi sopo wochapira, ananunkhiza malaya, ananunkhiza chipewa, mpaka anathamangira kwa mlamu wawo wogulitsa zonunkhira m'kashopu kopanikizana ndi saluni.

Mlamuyo anaika zinthu zitatu pagalasi. "Chitinichi ndi sipuleyi, alamu. Fungo lake n'lapatalipatali, dzuwa likangokwera lathawa. Botolo ili ndi o de twaleti, limakufikitsani masana. Kakang'onoka ndiye pefyumu weniweni, mafuta ake ngambiri. Kadontho pakhosi, kena padzanja, mpaka madzulo. N'kodula, koma kamatha mochedwa."

A Chiwindi anakweza kabotoloko, nakweza chitini.

"Mukufuna kundigulitsa mankhwala a m'maso pamtengo wa mwendo wa ng'ombe? Ndipatseni chachikuluchi."

"Si nyama iyi, alamu."

"Kulungani."

Tsikulo analowa muholo pamodzi ndi akazi awo, iwo akununkhira ngati ukwati wonse. Koma zolankhula zinachuluka. Atatha mkulu wa sukulu kunabwera mlendo wolemekezeka, kenaka wothokoza mlendoyo. Holo inatentha, jekete yobwereka inayamba kumata. A Chiwindi analowetsa mphuno m'kolala: zii. Mayi wa pambali pawo anangokanda mphuno yake, iwo mtima phaa, ati wamva buchala.

"Pepani, ndidutse."

Kuchimbudzi anapopera m'khwapa, pachifuwa, ndi m'masokosi momwe. Anabwerera, anakhala, mwendo ukugwedera. Pasanapite nthawi ananunkhizanso. Anadutsanso, chitini chikugunda mawondo a anthu kuchokera m'thumba la jekete. Ulendo wachitatu bambo wina anachita kuwafunsa ngati m'mimba mwavuta.

Ulendo wachinayi, ali mkati mopopera, anamva m'manja mukuwombedwa, ndi mawu a akazi awo akululutira. Anathamanga chitini chili m'manja, koma pakhomo la holo anapeza akuitana dzina la mwana wa eni ake.

Panja, mwana wawo anabwera atavala gauni, satifiketi ili kukhwapa.

"Munandiona, bambo?"

A Chiwindi anasuntha chitini kuchibisa kumbuyo. "Unayenda bwino kwambiri, mama."

"Ndinayang'ana pampando panu. Panali chipewa chokha."

Anayetsemula kawiri mtsikanayo, nawagwira dzanja kuwakokera kwa wojambula zithunzi. A Chiwindi anaima chilili pambali pake, osagwedera, mpaka wojambulayo anachita kuwauza kuti zatha.