Fuliji Yatha Ntchito

Achemwali anga akalambira pa kauntala ya madandaulo m'sitolo ya mafuliji, ma ayironi ndi maketulo. Anzawo amawatcha Anapepani, chifukwa palibe wodziwa kukana munthu mokoma ngati iwo. Ungalowe uli moto lawilawi ndi ketulo yako yopsa, umatuluka ukuthokoza, ndalama osazigwira n'komwe. Ine ndimawanena kuti lilime lawolo akanalipititsa kubanki. Komatu si akuba ayi. Malamulo a walanti, chitsimikizo chimene sitolo imapereka pa katundu wogulidwa, amawadziwa pamtima, ndipo sananamizepo munthu.

Tsiku lina kunabwera kalipentala wina wachikulire, atakweza fuliji yaing'ono pa wilibala. Achemwali sankadziwa zimene ine ndikuuzeni panopa. Fulijiyo anagula kuti azisungiramo mankhwala obaya a shuga a mkazi wake, ndipo mkaziyo anali atamwalira dzulo lake. Bokosi anali atakhoma yekha. Chimene chinkasowa ndi ndalama ya galimoto yonyamula maliro kupita kwawo kwa mkaziyo, poti ali moyo ankanena kuti akufuna kukagona pafupi ndi mayi ake.

"Takulandirani, bambo. Tikuthandizeni bwanji?"

"Fuliji iyi yatha ntchito, mayi. Ndimati mwina mungandibwezere ndalama."

Achemwali akamva kuti chinthu chatha ntchito, amamva kuti chafa, basi. Anaona lisiti, n'kupinda manja monga amachitira.

"Pepani kwambiri, bambo."

"Zikomo. Ndi chifuniro cha Mulungu," anatero kalipentala.

Mwaona pamene zinasokonekera? Iye anayesa kuti uthenga wa maliro wafika kale, ndipo akumupepesa. Achemwali anangoti m'mtima: madala awa ngopemphera, mpaka fuliji kuiika m'manja mwa Mulungu! Anailumikiza kumagetsi, iyo n'kuyamba kulira bwinobwino.

"Bambo, ikuoneka kuti ikugwira. Koma ngakhale ikanafa, ndalama timabweza katundu akabwera m'masiku oyambirira, asanagwiritsidwe ntchito. Inu mwakhala nayo miyezi. Walanti yanu ikadalipo, koma imanena kuti vuto likakhala la kufakitale timakonza mwaulere, zikakanika timakupatsani ina. Za kubweza ndalama mulibemo. Ndikanakonda kukuthandizani, koma pamenepa manja anga ngomangika."

Kalipentala anangogwedeza mutu, chipewa chili m'manja.

"Komabe musapite chimanjamanja. Muisiye amisiri athu aiyeze, osalipira kanthu. Kapena tiiwerengere mtengo, muwonjezere pang'ono, mutenge yaikulu. Musafulumire kuyankha. Mukakambirane kaye ndi amayi kunyumba."

Akuti bamboyo anavala chipewa chake. Kenako anati, "Ndikawauza," n'kukweza fuliji yake pa wilibala.

Apa m'pamene ine ndimapsa mtima, ndipo sindidziwa womupsera. Bambo iwe, pakamwa unali napo, mwana wosalira amafera ku nsana! Koma munthu wokalamba nazo ulemu angayambe bwanji kulira pa kauntala, kumbuyo kuli mzere wa anthu a ma ayironi? Nawo achemwali, chilichonse ananena chinali choona. Kungoti funso limodzi, lakuti "yatha ntchito bwanji?", silinawabwerere. Akanafunsa, njira inalipo. Bwana wawo akanakanabe kubweza ndalama, koma woyendetsa galimoto ya sitoloyo anali atatopetsa anthu n'kufunafuna fuliji yaing'ono yogwirapo kale ntchito, ndalama ali nazo m'thumba.

Nkhaniyi anaimva patapita masiku, kwa mayi wosesa m'sitolomo amene amapemphera mpingo umodzi ndi kalipentalayo. Achemwali anabwera kwanga maso ali psuu. Ine sindinawaonepo chotero, ngakhale pamene alamu anga anawathawa. Anandikoka kuti ndiwaperekeze kwa kalipentalayo.

Tinam'peza pa shedi yake akupala thabwa. Anatikonzera benchi, n'kupukuta utuchi ndi dzanja. Achemwali anayamba kufotokoza za woyendetsa galimoto wofuna fuliji uja, kuti angabwere ngakhale lero lomwe.

"Musavutike, mayi," anatero kalipentala. "Tinawaika kale, kumanda a konkuno. Galimoto inakanika."

Achemwali anayamba kupepesa.

"Musadandaule. Inu munandilandira bwino kwambiri tsiku lija. Malo ena onse amene ndinapita anandikalipira."

Pobwerera tinakadikira minibasi pa siteji. Minibasi itaima, achemwali anati, "Bola akanandituka, mng'ono wanga. Zoti ndinawalandira bwinozo ndipita nazo kuti?"