Zaka Zisanu pa Mpando Womwewo

Chaka chimene boma linalamula kuti mphunzitsi aliyense akaphunzitse m'chigawo cha kwawo, bambo anga anauzidwa kuti abwerere ku Rumphi. Anabwera ku Nkhotakota ali mnyamata, anakwatira konkuno, ndipo ine Rumphiyo ndinkangomumva m'kamwa mwawo. Mayi anga anali a pa boma pomwepa. Miyendo yawo inkatupa, ndipo ankati akapita kumapiri kozizirako akangofikira kufa. Koma malipiro a mphunzitsi sakanadyetsa nyumba ziwiri. Tinagwirizana kuti ine ndikapeza ntchito, mayi atsala nane. Ikalephereka, tonse tikwera lole.

Ntchito inalipo imodzi yokha, ya utaipisiti ku chigayo cha mpunga cha kampani ina. Mayi amene ankaigwira anali pafupi kupuma pa ntchito chifukwa cha maso. Ndinkawadziwa bwino. Ndili wamng'ono ndinkawasuzumira pa windo akutaipa, ndipo tsopano, nditamaliza Fomu Folo ndi kosi yotaipa, anali adakali pa windo lomwelo, pa mpando womwewo. Taipisiti pa chigayopo anali mmodzi. Pamwamba pake panali a manijala, kenaka denga la malata.

Bambo sankaziona choncho. Iwo anali munthu wokhulupirira kuti mwana wa sukulu amayenda chokwera basi. Ankafuna ndidzapite ku koleji, ndipo utaipisitiwu ankautcha poponda pongodutsira. Masiku otsala intavyu isanachitike ankandikhazika pa khonde, iwo n'kukhala pa bokosi la mabuku lomwe anali atamanga kale chingwe, n'kumandifunsa m'Chingerezi ngati bwana.

"Akakakufunsa kuti pakatha zaka zisanu udzakhala uli pati, usakayang'ane pansi yayi," ankatero. "Ukanene kuti udzakhala wamkulu wa ofesi. Azungu amakonda munthu wofuna kukwera."

"Komatu kulibe mzungu kumeneko, bambo."

"Funsolo n'lachizungu, mwana wane. Yankho lakenso likhale lachizungu."

Mayi ankamvetsera akupeta mpunga. Tsiku lina anangoti, "Wamkulu wa ofesi alipo kale, ndipo sakudwala." Bambo anawayankha kuti za maofesi azisiyire anthu a maofesi.

Tsikulo ndinavala siketi yaitali yofika m'akakolo, khadi la chipani ndinaliika m'envelopu limodzi ndi masatifiketi. Tinalipo angapo. Anayamba kutiyesa kutaipa, kalata imodzi ndi kope lake la kaboni, ndipo titatsala awiri anatikhazika pa benchi kunja kwa ofesi. Makina a chigayo anali atazimitsidwa, mankhusu ali mbwee pabwalo. Mnzangayo anali mnyamata wa taye yofiira amene anabwera pa basi kuchokera ku Dwangwa. Kutaipa ankandiposa, zimenezo sindingakane.

Iye ndiye anayamba kulowa. Windo linali lotsegula, moti ndinkamva zonse ngakhale sindinafune. Munali anthu awiri: a manijala, bambo wachikulire wa kofiya yoyera amene ankaswali pa mzikiti wa kufupi ndi kwathu, ndi bwana wina wochokera ku likulu la kampani ku Lilongwe. Bwanayo ndiye anafunsa funso lija, liwu ndi liwu monga ankanenera bambo. Mnyamatayo sanachedwe. Anayankha m'Chingerezi chosalala kuti pakatha zaka zisanu adzakhala pa mpando wa a manijala.

Kenaka a manijala anafunsa m'Chichewa, mofatsa ndithu, "Ine ndidzakhala ndili kuti, mwana wanga? Mwandikumbira kale manda?"

Wa ku Lilongwe anaseka, koma a manijala sanaseke. Kwathu kuno sutchula mpando wa munthu wamoyo iye ali pomwepo. Akangodwala mutu mawa lake, anthu amakumbukira amene anaulakalaka. Ndipo zaka zimenezo ngakhale m'maofesi akuluakulu munthu sankayerekeza kunena kuti adzalowa m'malo mwa wina. Mnyamata uja anatuluka thukuta lili kamukamu, osandiyang'ana. Yankho limene linamugwetsa ndi lomwe ndinali nalo m'kamwa.

Kenaka ndinalowa ine. Anandifunsa za sukulu, za kosi, za kwathu. Nditatchula bambo, a manijala anagwedeza mutu pang'ono. Kenaka bwana uja anatsamira kumbuyo.

"Ndikuuzeni chilungamo, chemwali," anatero, atasiya Chingerezi. "Ntchito ino ilibe kokwera. Malipiro amakwera pang'onopang'ono, koma dzina la ntchito silisintha. M'zigayo zathu zina tinalembapo a Fomu Folo, tangowaphunzitsa ntchito n'kuthawira ku tauni. Ndiye inu, pakatha zaka zisanu, mudzakhala muli pati?"

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti funsolo silinali lofuna maloto anga. Ankafuna kudziwa ngati ndidzakhalitse. Ndinapsa mtima, ndisaname. Bambo anga, amene anaphunzitsa ana a m'boma muno moyo wawo wonse, sanafunsidwe ndi aliyense kuti akufuna kudzakhala kuti. Ndiye ine ndikanadziwa bwanji za zaka zisanu? Koma ndinakumbukira miyendo ya mayi ndi lole ija.

"Ndidzakhala pompano, bwana," ndinatero. "Pa windo ilo. Mayi anga ali kuno ndipo sangasamuke. Koma sindidzakhala monga ndililimu. Ndikufuna kuphunzira shotihandi kudzera pa positi, ndizidziwe kalata zonse za chigayo chino, kuti a manijala akangonena mutu wa nkhani ine ndizilemba ndekha."

"Simudzatopa?" anafunsa bwanayo.

"Mwina ndidzatopa. Koma sindidzathawa."

"Inshallah," anatero a manijala, ndipo aka kanali koyamba kundiyang'ana kumaso.

Anandiuza tsiku lomwelo kuti ndiyambe mwezi ukatha, nditakhala kaye masiku angapo pambali pa mayi opumawo. Panjira ndinadutsa pa msika osaona munthu. Ndinkayenera kusangalala, koma ndinkangomva ngati ndasainira chinthu chimene sindinawerenge.

Kunyumba mayi analulutira, n'kukhala pansi, n'kuyamba kulira. Bambo anali pa khonde akumanga matiresi. Anandigwira dzanja mwamphamvu, n'kufunsa ngati funso lathu lija linabwera. Ndinati linabwera. Anafunsa chimene ndinayankha, ndipo ndinawauza zonse, za mnyamata wa taye uja ndi za windo. Anamvetsera chingwe chili m'manja.

"Wachita mwanzeru," anatero pomaliza. "Koma tandiuza ine bambo wako. Unawanamiza kuti akulembe, kapena unanena zoona?"

Ndinadziwa yankho limene ankalifuna. Munthu amene anandimenyapo ndili mwana chifukwa chonama za shuga ankandipempha ndi maso kuti ndinene kuti ndinanama. Ndinati sindikudziwa. Anapitiriza kumanga matiresi, ndipo patapita masiku ochepa anakwera lole okha.

Shotihandi ndinaiphunziradi. A manijala anafika pomangoti, "Alembereni a ku Lilongwe za matumba aja," ine n'kulemba, iwo n'kusaina. Bambo ankabwera pa holide, chaka ndi chaka akuonda, ndipo nthawi iliyonse ankandibweretsera nkhani ya koleji ina imene ikufuna ophunzira. Ndinkati ndiona. Miyendo ya mayi inali itafika poti sangapite okha kuchimbudzi.

Holide yawo yomaliza anabwera kudzandiona ku chigayo, chinthu chimene anali asanachitepo. Zaka zisanu zinali zitangokwana. Sanalowe. Anaima kunja kwa windo, pamene ndinkaima ine ndili mwana, n'kundiyang'ana ndikutaipa mpaka ndinamaliza tsamba.

"Unanena zoona," anatero.

Ndinafuna kuwauza kuti mayi adya bwino m'mawa umenewo, kuti nyumba tinaifolera malata. Koma makina a chigayo anali atayamba kulira, ndipo iwo anali atatembenuka kale kulowera ku depoti ya basi.